Kukumbutsa Mwaulemu Pamene Pempho la Msonkhano Silikuyankhidwa

Pempho lofuna kukumana ndi munthu likatumizidwa n'kutha masiku angapo osayankhidwa, wopempha amakhala ndi zinthu ziwiri zoti azisamale nthawi imodzi. Akufuna yankho, chifukwa pali ntchito imene yaima podikira msonkhanowo, komanso sakufuna kukhumudwitsa munthu amene akumupempha, amene nthawi zambiri amakhala waudindo kapena woti thandizo lake lidzafunikanso m'tsogolo. Uthenga wokumbutsa umalembedwa kuti ukwaniritse ziwirizi. Ntchito yake ndi kufufuza pamene pempho laima ndi kupeputsa kayankhidwe kake, kuti wopemphedwa athe kuyankha ndi mawu ochepa popanda kuchita manyazi kuti anachedwa.

Zimenezi zimaoneka bwino pa pempho lopita kwa munthu wotanganidwa wa mu ofesi, monga mkulu wa nthambi ina ku khonsolo ya boma, mkulu wa banki, mphunzitsi wamkulu kapena woyang'anira bungwe. Anthu otere amalandira makalata, maimelo ndi mauthenga a pafoni ambiri kuposa amene angayankhe tsiku limodzi, ndipo pempho limadutsa m'manja mwa anthu angapo lisanawafike.

Pamene pempho limaima

Kusayankhidwa kumachokera ku chimodzi mwa zifukwa zinayi, ndipo chilichonse chili ndi zizindikiro zake. Kakumbutsidwe koyenera kamadalira kudziwa kuti vuto lili pati.

Choyamba, pempho likhoza kukhala kuti silinafike n'komwe. Imelo yolakwika chilembo chimodzi pa adiresi imabwerera, ndipo uthenga wonena kuti yabwerera umabwera ndi mutu wonga Undeliverable, kapena umachokera kwa Mail Delivery Subsystem. Wotumiza ambiri sauona chifukwa amauyesa uthenga wachabechabe. Imelo yochokera ku adiresi yachilendo ikhozanso kugwera mu Spam kapena Junk, kumene mwini wake sayang'anako kawirikawiri. Pa WhatsApp, tiki imodzi yotuwa imatanthauza kuti uthenga wachoka koma sunafike pa foni ya wolandira, mwina foni ndi yozima, ilibe bandulo, kapena mwini wake ali kumene netiweki sigwira. Kalata ya pamanja nayo imasowa ikasiyidwa kwa mlonda pageti kapena kwa munthu wongokumana naye m'khonde.

Chachiwiri, pempho likhoza kufika koma osaonedwa ndi mwini wake. M'maofesi a boma ndi m'mabungwe akuluakulu, kalata imayamba yalandiridwa ku rejisitiri kapena kwa sekilitale, imadindidwa chidindo cha tsiku, imalembedwa m'kaundula wa makalata olowa, kenako imaikidwa m'fayilo n'kupita patebulo la bwana. Bwanayo akakhala kuti ali kumudzi kokayendera ntchito, ku maphunziro, pa tchuthi kapena ku maliro, fayiloyo imangodikira. Pa imelo, chizindikiro chake chimakhala yankho lodzitumiza lokha la mutu wa Automatic reply, lonena kuti mwini wake wachokapo. Yankho limeneli limafunika kuliwerenga lonse, chifukwa nthawi zambiri limatchula tsiku lobwerera ndi munthu amene akugwirizira.

Chachitatu, wopemphedwa akhoza kuona pempho koma osatha kuyankha msanga. Mwina akudikira kudziwa ngati ulendo wina uchitika sabata yomwe wapemphedwayo, mwina ayenera kufunsa kaye wamkulu wake, mwina wapereka kalatayo kwa wachiwiri wake kuti aione. Nthawi zina vuto limakhala pa pempho lenilenilo: silinanene nkhani yokambirana, kutalika kwa msonkhano kapena masiku. Pempho longoti "tikufuna kudzakuonani pa nkhani ina yake" limasiyira wolandira ntchito yonse yoganiza, ndipo munthu wotanganidwa amaliika pambali kuti adzalione akapeza mpata. Mpatawo subwera.

Chachinayi, wopemphedwa akhoza kukhala kuti sakufuna msonkhanowo koma akuvutika kukana. Anthu ambiri amaona kuti kunena kuti "ayi" maso ndi maso n'kosayenera, makamaka kwa munthu womudziwa, choncho amangokhala chete.

Cholakwa chofala n'kuthamangira chifukwa chachinayi pamene zitatu zoyambazo sizinafufuzidwe. Matiki awiri a buluu amangosonyeza kuti uthenga unatsegulidwa, ndipo munthu akhoza kuutsegula ali pakati pa msonkhano wina n'kuuiwala. Matiki otuwa nawonso satsimikizira kuti sunawerengedwe, chifukwa pali njira yozimitsira chizindikirochi. Ngakhale pa kalendala ya pakompyuta, pulogalamu ya Outlook imalola munthu kudina Accept popanda kutumiza yankho kwa woitana, moti akhoza kukhala kuti anavomera kale. Choncho asanalembe chilichonse, wopempha amayamba waona za kwake: adiresi inali yolondola, uthenga sunabwerere, yankho silinagwere mu Spam ya iye mwini, ndipo pempho linali lomveka.

Kuwerenga masiku

Masiku owerengedwa ndi ogwira ntchito okha. Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi salowamo. Pempho lotumizidwa Lachisanu madzulo, pofika Lachiwiri m'mawa, kwa wotumiza limaoneka kuti latha masiku anayi, koma kwa wolandira latha tsiku limodzi lokha, Lolemba, lomwenso m'maofesi ambiri limathera m'misonkhano ya m'kati. Ku Malawi masiku monga 15 Januwale, 3 Malichi, 1 Meyi, 14 Meyi, 6 Julayi ndi 15 Okutobala ndi a tchuthi, ndipo sabata imene mwagwera limodzi la masikuwa ntchito imayenda pang'onopang'ono. Kumapeto kwa Disembala ndi kumayambiriro kwa Januwale maofesi ambiri amakhala ndi anthu ochepa. Mwezi wa Malichi ndi wotanganitsa kwa ogwira ntchito za boma okhudzidwa ndi ndalama, popeza chaka cha ndalama cha boma chimatha pa 31 Malichi.

Palibe lamulo lokhazikika la masiku odikira, koma chizolowezi chimene chimagwira ntchito bwino n'chakuti imelo kapena uthenga wa pafoni upatsidwe masiku atatu mpaka asanu ogwira ntchito, ndipo kalata yodutsa ku rejisitiri ipatsidwe sabata yathunthu. Kukumbutsa tsiku lotsatira kumaoneka ngati kukakamiza. Kudikira mwezi kumachititsa kuti nkhaniyo iiwalike, ndipo uthenga wokumbutsa umasanduka pempho latsopano.

Chimene chimasintha kawerengedweka ndi tsiku limene msonkhanowo uyenera kukhala utachitika. Wopempha amawerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsikulo. Ngati akufuna kukumana ndi munthu Lachinayi la sabata yomweyo, sangadikire masiku asanu, ndipo ndi bwino kukumbutsa Lachiwiri. Ngati pali ulendo wautali, galimoto yobwereka kapena anthu ena oti aitanidwe, yankho limafunika kubwera kudakali nthawi yokonzekera zimenezo. Nthawi ya tsiku nayo imathandiza. Uthenga wofika m'mawa wa Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachinayi umapeza munthu ali patebulo lake. Uthenga wa pafoni wotumizidwa usiku kapena Lamulungu umalowerera nthawi ya banja, ndipo ukawerengedwa nthawi imeneyo umakhala utaiwalika pofika m'mawa.

Zimene uthenga wokumbutsa umanyamula

Uthenga wokumbutsa wabwino umakhala waufupi kuposa pempho loyamba, koma umamveka pawokha, moti wolandira safunika kukafufuza kalata yakale kuti adziwe nkhani. Umayamba ndi moni woyenera udindo wa munthuyo. Kenako umatchula pempho loyamba ndi tsiku limene linatumizidwa, ndipo ngati inali kalata ya ku ofesi, nambala yake ndi amene anailandira. Umanena m'chiganizo chimodzi nkhani yokambirana ndi nthawi imene msonkhano ungatenge. Umapereka masiku awiri kapena atatu oti munthu asankhepo. Pomaliza umatsegula njira ina, kuti ngati nthawi siikulola, wopemphedwa akhoza kutchula tsiku lake kapena munthu wina woti akumane naye.

Mbali ya masiku ndi imene imasintha zinthu kwambiri. Funso loti "mungapezeke liti?" limafuna kuti munthu atsegule dayale yake, aganize, kenako alembe. Funso loti "Lachitatu m'ma 9 koloko m'mawa kapena Lachinayi m'ma 2 koloko masana?" limayankhidwa ndi liwu limodzi. Kutchula kutalika kwa msonkhano kumathandizanso chimodzimodzi, chifukwa mphindi 20 zimapezeka mosavuta kusiyana ndi msonkhano wosadziwika mathero ake. Masiku amene anatchulidwa m'pempho loyamba akakhala kuti adutsa kapena ayandikira kwambiri, amasinthidwa ndi atsopano.

Ngati pali tsiku lomalizira, limanenedwa pamodzi ndi chifukwa chake. Kunena kuti "tikufuna yankho pofika Lachisanu" kumamveka ngati lamulo, koma kunena kuti "komiti yathu ikumana Loweruka, choncho zikadatithandiza titamva pofika Lachisanu" kumasonyeza kuti tsikulo labwera ndi ntchito. Tsiku lomalizira longopeka kuti munthu afulumire limadziwika, ndipo likadutsa popanda chochitika, mawu a wopempha sakhalanso ndi mphamvu.

Uthenga wa imelo ukhoza kuoneka motere: "Bambo Uje, mwadzuka bwanji? Ndikukumbutsako za pempho limene ndinatumiza Lachiwiri pa 6, lofuna kukumana nanu kwa mphindi 20 pa nkhani ya malo omangapo nkhokwe ya gulu lathu. Ine ndikhoza kubwera Lachitatu m'ma 9 koloko m'mawa kapena Lachinayi m'ma 2 koloko masana. Ngati masikuwa sakukuyenerani, ndibwera tsiku limene inu mungasankhe, kapena mungandiuze amene ndingakumane naye m'malo mwanu. Zikomo kwambiri." Uthengawu umatumizidwa podina Reply pa imelo yoyamba ija, kuti pempho lakale lioneke m'munsi mwake ndipo mutu ukhale womwewo. Ngati panali chikalata chomatidwa, chimamatidwanso, chifukwa Reply satenga zomatidwa za uthenga woyamba.

Mawu opepuka ndi mawu olasa

Ulemu wa m'uthenga wokumbutsa umagona pa kusaloza chala. Ziganizo zimene mwini wake ndi wopemphedwa, monga "simunandiyankhe", "ndaona kuti mwawerenga" kapena "ndakhala ndikudikira sabata yonse", zimamuika pa mlandu ngakhale zitakhala zoona. Munthu woikidwa pa mlandu amayamba kuganiza zodziteteza m'malo moganiza za tsiku la msonkhano, ndipo ena amangopitiriza kukhala chete chifukwa kuyankha kwasanduka kuvomera kulakwa. Chiganizo chikakhala pa pempho kapena pa wopempha, monga "ndimati ndimve ngati kalata ija inakupezani" kapena "ndikukumbutsako za pempho lija", wopemphedwa amapatsidwa mpata woyankha osayamba wafotokoza chimene chinamuchedwetsa.

Chichewa chili ndi njira zake zofewetsera pempho, ndipo m'uthenga wotere zimagwira ntchito yaikulu. Munthu mmodzi amalankhulidwa ndi "inu" ndi "mu-", ndipo dzina lake limatsogozedwa ndi "a", "Bambo", "Mayi" kapena udindo wake. Kachidutswa ka "-ko" kamachepetsa kulemera kwa pempho, monga mu "mungandiuzeko" ndi "ndikukumbutsako". Kuyamba ndi "ndimati" kapena "ndimafuna" m'malo mwa "ndikufuna" kumasiya pempho lili lotseguka. Moni nawo sadumphidwa, makamaka pa foni, chifukwa kulowa nkhani munthu asanafunsidwe mmene wadzukira kumamveka ngati kubwera kudzalonjerera ngongole. Ngati zamveka kuti wopemphedwa anali ku maliro kapena akudwazika, chipepeso chimayamba, ndipo nthawi zina nkhani ya msonkhano imadikira tsiku lina.

Ulemu ukhozanso kupyola muyeso. Uthenga wodzaza ndi "pepani" m'chiganizo chilichonse umatalika, ndipo pempho lenileni limabisika pakati pa kupepesa. Umaperekanso chithunzi chakuti nkhaniyo ndi yaing'ono, yoti ikhoza kudikira. "Pepani" mmodzi ndi wokwanira. Mbali inayi kuli mauthenga ofupika mopanda ulemu: chizindikiro cha funso chokha, liwu loti "Bwana?" lopanda china chilichonse, kapena kufulasha kuti munthu waudindo ayimbe yekha. Zotere zimakumbutsa munthu kuti wina akumudikira, koma sizimupatsa choti ayankhe.

Kusankha njira

Chikumbutso choyamba chimadutsa njira imene pempho linadutsa. Chikapanda kuyankhidwa, kubwereza njira yomweyo kachitatu sikuthandiza, chifukwa mwina njirayo ndiyo ili ndi vuto. Apa ndi pamene wopempha amasintha: imelo imatsatiridwa ndi foni ya ku ofesi, kalata imatsatiridwa ndi kupita ku rejisitiri kapena kuyimbira sekilitale. Chofunika n'kusintha njira imodzi pa nthawi. Kutumiza imelo, uthenga wa pafoni ndi kuyimba mkati mwa ola limodzi kumamuchititsa munthu kumva ngati wazingidwa.

Sekilitale ndi munthu wofunika kwambiri pa nkhani imeneyi, chifukwa ndiye amasunga dayale ya bwana, amadziwa ngati ali mu ofesi, ndipo amatha kuika fayilo pamwamba pa zinzake. Mafunso omufunsa ndi osavuta: kalata inafika, ili pati tsopano, bwana abwera liti, ndi liti pamene kungakhale koyenera kuyimbanso. Sekilitale sangalonjeze msonkhano m'malo mwa bwana, choncho kumukakamiza kapena kumukalipira chifukwa cha kuchedwa kumangotseka khomo lothandiza. Dzina lake limafunsidwa mwaulemu n'kulembedwa, kuti ulendo wotsatira nkhani isayambirenso pachiyambi. Pa chifukwa chomwechi, wopereka kalata ya pamanja amatenga makope awiri n'kupempha kuti imodzi idindidwe chidindo cha tsiku, kapena amasainitsa wolandira m'buku la makalata operekedwa.

Nambala ya foni ya m'manja imafuna kusamala. Ngati mwini wake anaipereka yekha kapena ili pa kalata ya ofesi, kuigwiritsa ntchito nthawi ya ntchito n'koyenera. Ngati yachokera kwa munthu wina, uthenga umayamba ndi kudzifotokoza ndi kunena kumene nambalayo yachokera, ndipo ndi bwino kulemba kaye kusiyana ndi kungoyimba. Kufika pa ofesi mosayembekezeka kumathandiza ngati cholinga n'kufunsa za kalata kwa sekilitale, koma kukhala pabenchi mpaka bwana atuluke kuti agwidwe m'khonde kumabala lonjezo longothamangitsira munthu. Chimodzimodzi kuyambitsa nkhani ya ku ofesi pa maliro, ku tchalitchi, ku mzikiti kapena pa ukwati.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati zofulumizitsa yankho koma zili ndi mtengo wake. China n'kuika wamkulu wa wopemphedwa pa CC. Wolandira amamva kuti wanenezedwa, ndipo ngakhale atayankha msanga, ubale umakhala utawonongeka. Njirayi imayenera pokhapokha wamkuluyo anali kale m'nkhaniyo, kapena ntchito yofunika ikuwonongeka ndipo njira zina zalephera. China n'kutuma munthu wodziwana naye. Ngati pali amene anagwirizanitsa awiriwo poyamba, kumupempha kuti akumbutseko n'kwachibadwa, koma amapemphedwa kamodzi, ndipo amanyamula chikumbutso, osati dandaulo. Kwa mafumu ndi akuluakulu a mipingo, kudzera mwa nduna, mlembi kapena mkulu wa mpingo ndiyo njira yake yeniyeni, ndipo chikumbutso chimabwerera kwa yemweyo amene ananyamula pempho.

Chitsanzo chotsatidwa tsiku ndi tsiku

Tiyerekeze kuti gulu la alimi a mtedza ndi soya m'boma la Mchinji likufuna kulembetsa ngati kopaletivi. Msonkhano wa mamembala onse uli Loweruka pa 31 Meyi, ndipo komiti ikufuna kukumana kaye ndi mkulu woona za malonda ku khonsolo kuti imve zofunika pa kalembetsedwe. Popeza komiti ikufuna sabata imodzi yokonzekera, kukumanako kuyenera kuchitika pofika Lachisanu pa 23. Mlembi wa gulu akupereka kalata ku ofesi Lachinayi pa 8, ndipo kope lake ladindidwa.

Pofika Lachinayi pa 15 palibe yankho. Anthu a m'komiti akuti sabata yatha, koma mlembi akuwerenga masiku ogwira ntchito: Lachisanu pa 9, Lolemba pa 12 ndi Lachiwiri pa 13. Lachitatu pa 14 linali tchuthi cha tsiku la Kamuzu. Kalatayo yangotha masiku atatu ogwira ntchito, ndipo pakanapanda tsiku lomalizira akanadikira mpaka Lolemba. Koma kuchokera pa 15 kufika pa 23 kwatsala masiku ochepa, choncho akuyimba foni ya ku ofesi m'mawa womwewo. Atapereka moni ndi kudzifotokoza, akunena kuti anasiya kalata pa 8 ndipo amati amve ngati inafika kwa bwana.

Sekilitale akuyang'ana m'kaundula n'kupeza kuti kalata inalowa ndipo ili patebulo, koma bwana ali kumudzi ndipo abwerera Lolemba pa 19. Foni imodziyi yasonyeza kuti pempho laima pa chifukwa chachiwiri, lafika koma silinaonedwe. Kalata ina yokumbutsa siikanathandiza, ikanangokagona pamwamba pa inzake. Mlembi akufunsa tsiku labwino loyimbanso, ndipo akuuzidwa kuti Lachiwiri m'mawa. Akupempha kuti sekilitale alembe pa kapepala masiku awiri amene komiti ingabwere, Lachitatu pa 21 kapena Lachinayi pa 22, ndi kuti mamembala akumana pa 31. Sakuyimba Lachisanu kapena Lolemba, chifukwa tsiku lapanganidwa kale.

Lachiwiri pa 20 akuyimba monga anapangana, ndipo akumva kuti bwana anaona kalata n'kulembapo kuti wachiwiri wake ndiye akumane ndi gululo. Apa pali posankha. Komiti inkafuna bwana weniweni, koma chimene ikufuna ndi kudziwa zofunika pa kalembetsedwe, ndipo wachiwiri akhoza kufotokoza zimenezo. Kuumirira bwana kukanadutsitsa tsiku la 23. Mlembi akuvomera, akupatsidwa Lachinayi pa 22 m'ma 9 koloko m'mawa, ndipo tsiku lomwelo akutumiza uthenga wotsimikiza: tsiku, nthawi, malo, chiwerengero cha anthu amene abwere ndi nkhani yokambirana. Lachitatu masana akutumiza mzere umodzi wofunsa ngati pangano lidakalipo, popeza anthu akwera galimoto kuchokera kutali. Pa ulendo wonsewu palibe amene wanenedwa kuti anachedwa, ndipo mlembi ali ndi zolemba za tsiku lililonse limene anayimba, amene analankhula naye ndi zimene anauzidwa.

Kuzindikira kukana ndi kutseka nkhani

Sikuti pempho lililonse limathera pa msonkhano. Kukana kosanenedwa kumadziwika ndi zizindikiro zingapo zikabwera pamodzi. Pempho latsimikizika kuti linafika ndipo linaonedwa. Wopemphedwa ali pa ntchito ndipo akukumana ndi anthu ena. Mayankho ake, ngati alipo, alibe tsiku: "tiona", "ndikuyimbirani", "mudzabwere nthawi ina". Mawu amenewa akanenedwa kamodzi akhoza kukhala oona, ndipo njira yowayesera n'kufunsa modekha kuti, "Ndingakuyimbireni liti kuti ndimve?" Munthu wotanganidwa chabe amatchula tsiku kapena amaloza kwa wina. Munthu amene sakufuna amabwereza mawu omwewo.

Pa pempho wamba, zikumbutso ziwiri n'zokwanira, choyamba patatha masiku atatu mpaka asanu, chachiwiri patatha pafupifupi sabata ina ndiponso kudzera njira ina. Zikalephera, uthenga wachitatu umakhala wotseka. Umathokoza, umanena kuti wopempha sakumbutsanso pakadali pano, umatchula chimene achite, ndipo umasiya mpata wokumana m'tsogolo. Mwachitsanzo: "Mayi Uje, zikomo. Ndikuona kuti nthawi ino ndi yothinana, choncho nkhani ija ndiyamba ndaiimika. Ife tipitiriza ndi zimene tili nazo, ndipo mukadzapeza mpata tidzasangalala kukumana nanu." Uthengawu sulembedwa mokwiya kapena monyoza, ndipo zimene walonjeza zimasungidwa. Wonena kuti sakumbutsanso n'kuyimba patatha masiku awiri amadzichotsera ulemu yekha.

Malirewa amasintha malinga ndi mtundu wa pempho. Wogulitsa katundu kapena wofuna chithandizo chimene munthu ali ndi ufulu wokana amaima pa uthenga wotseka. Nzika yofuna thandizo limene ofesi inakhazikitsidwira siyenera kungosiya. Imalemba kalata ina kwa mkulu wa ofesiyo, yondandalika masiku amene pempho ndi zikumbutso zinaperekedwa, ndi makope ake odindidwa, popanda mawu onyoza munthu. Pakati pa anthu ogwira ntchito limodzi, kumene msonkhano ukuimitsa ntchito ya onse, nthawi yodikira imafupika kufika tsiku limodzi kapena awiri, ndipo nthawi zambiri nkhaniyo imatha popanda msonkhano n'komwe, funso lenileni likalembedwa m'uthenga kuti liyankhidwe pomwepo. Njira yomweyi imathandizanso pa anthu a kunja kwa ofesi: ngati chofunika ndi chilolezo, fomu kapena yankho la funso limodzi, uthenga wokumbutsa ukhoza kupempha chinthucho mwachindunji n'kunena kuti kukumana kudzafunika pokhapokha wopemphedwa ataona kuti nkhaniyo ikufuna kukambirana.